Maina asowa pa watsapu koma mufoni alimo, thandizeni abale

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Mwaswera bwanji nonse. Abale ndili ndi vuto landisowetsa mtendere kuyambira lachiwiri. Ndagula foni ina chifukwa yakale ija inasweka galasi, nde mwana wanga Chisomo wandisamutsira zonse, koma ndikatsegula watsapu ndikungoona manambala okhaokha, dzina ngakhale limodzi palibe. Chodabwitsa nchoti ndikapita koimbira kuja maina onse alimo bwinobwino, ndikulemba dzina likubwera ndikuimba. Ine geni yanga ya mbatatesi imayendera pa watsapu pomwepa, dzulo ndatumiza mtengo wa matumba 40 kwa munthu olakwika chifukwa sindikudziwa kuti uyu ndani uyu ndani. Amene akudziwa andithandize chonde

Anabanda: Iii pepani achemwali. Koma sikuti anthuwo akubulokani? Ine mlamu wanga atandibuloka chithunzi chake chinachoka kunangotsala kamutu kotuwa kaja

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Anthu onse 300 angandibuloke tsiku limodzi anabanda, ndawalakwira chani kkkk. Zithunzi zikuoneka ndipo mameseji akubwera, chasowa ndi maina basi

Jowakimu wa ku Zobwe: Zophweka izi mayi. Ichotseni watsapuyo muikenso ina, ikamatsegula koyamba imafunsa zololeza nde muzingodina kuvomera. Ine ndimatero nthawi zonse ikayamba makani

Zeka wa mafoni (Mowatize): Mayi musachotse kaye chonde. Mano Jowakimu pa nkhani yololezayo mwalasa, koma njira yanuyo ndi yootcha nyumba chifukwa cha khoswe. Mukaichotsa macheza onse amapita ngati simunasungitse bakapu, kenako poikanso ifuna kodi ya manambala 6 ija imabwera pa meseji, ndipo ngati simu yomwe munalembetsera ilibe rede kapena muliibe mmanja mwatsekeredwa panja. Chomwe imafunsa koyambacho mutha kuchipeza osachotsa kanthu.

Mayi ndiyankheni izi kaye. Foniyo ili mu chipwitikizi kapena chizungu? Ndipo mukalowa mu gulu lililonse, pambali pa nambala pakuoneka dzina lokhala ndi kachizindikiro aka `~` kutsogolo?

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ili mu chipwitikizi mwanawe. Eya kachizindikiroko kalipo mmagulu, koma maina ake ndi achilendo, wina alembedwa Mwana wa Mfumu wina Bwana Mkubwa, ine sindinasunge choncho

Zeka wa mafoni (Mowatize): Amenewo ndi maina omwe eni ake anadzilemba okha pa watsapu yawo, si anu. Ikamakuonetsani amenewo ndiye kuti buku lanu la maina siikuliwerenga. Watsapu kuyambira kale imabwereka maina ku buku la mufoni, lija limalembedwa `Contactos`, ndipo foni siingaipatse bukulo popanda inu kuvomera. Zimenezi zinayamba ndi Android 6 mu 2015, kale apu ukangoika imatenga zonse kamodzi, pano imapempha chimodzichimodzi, kamera payokha maina payokha. Nde maina akasowa ONSE nthawi imodzi koma koimbira alipo, malo oyamba kuyang'ana ndi pamenepo.

Chitani chonchi. Pa sikirini gwirani kachithunzi ka watsapu osasiya mpaka patuluke kabokosi, dinani ka `i` kali mu kabwalo. Ikakana njira imeneyo pitani `Definições`, kenako `Aplicações`, mupeze `WhatsApp`. Mmenemo muli mzere wolembedwa `Autorizações` kapena `Permissões`, zimatengera foni. Lowani, mupeze `Contactos`, muone ngati chasankhidwa ndi `Permitir` kapena `Não permitir`. Mundiuze zomwe mwapeza

Felisita (Tete): Ndiwonjezereko pang'ono, mafoni ena anaikidwa chipwitikizi cha ku Brazil nde mmalo mwa `Definições` pamalembedwa `Configurações` ndipo `Contactos` amalemba `Contatos` opanda c. Amayi anga anasaka ola lathunthu mawu omwe mufoni mwawo mulibe

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndapeza!! Pali pa `Não permitir`. Ndamufunsa Chisomo akuti ndi iyeyo anakana dala chifukwa anamva kusukulu kuti ukavomera amakubera manambala. Mwana ameneyu ine wandionongetsa masiku atatu

Aphunzitsi Ngozo (Domwe): Musamukalipire kwambiri mayi, mwanayo sananame kwenikweni. Ukavomera, manambala a mufoni mwako amatumizidwadi kumakina awo, nanga akanadziwa bwanji kuti mwa anthu ako uyu ali pa watsapu uyu palibe? Funso nlakuti ukuvomera kwa ndani. Apu ya tochi kapena ya masewero ikamapempha maina, pamenepo kukana nkoyenera, tochi ifuna maina a abale anga ichite nawo chani

Zeka wa mafoni (Mowatize): Zoona aphunzitsi. Ndipo chomwe chimasokoneza anthu nchoti pa Android 11 kupita mtsogolo ukakana kawiri foni imasiya kukufunsa, imangoti mwini wake ananena kale. Nde munthu amadikira kuti kabokosi kaja kabweranso, sikabwera, mpaka upite wekha kukasintha.

Mayi dinani `Permitir`, mubwerere ku watsapu, dinani batani lobiriwira loyambira macheza atsopano, kumwamba kudzanja lamanja kuli timadontho titatu, mukaona `Atualizar` mudine. Mamega akhale oyatsa chifukwa imayenera kufunsa kumakina awo. Ipatseni mphindi ziwiri zitatu, musathamange

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ambuye akudalitse Zeka, maina ayamba kubwera. Koma dikira kaye, sanabwere onse. Pamwamba palembedwa 143 koma ine anthu anga ndi oposa 300. A kuno ku Ulongwe, a ku Tsangano omwe ndimagulako, madalaivala a ku Tete onse abwera. Koma makasitomala anga a ku Lizulu ndi ku Dedza akadali manambala, ndipo ndi omwewo amandipatsa ndalama

Jowakimu wa ku Zobwe: Amenewo ali pa simu. Watsapu siiwerenga maina a pa simu, ndinanena ine kuti zimafunika kuyambiranso

Felisita (Tete): Inu simunanene za simu achimwene munanena zochotsa kkkk. Ndipo ine yanga yakale inkawerenga a pa simu bwinobwino

Zeka wa mafoni (Mowatize): Nonse mwina mukunena zoona, za simu zimatengera foni, ine ndaonapo zonse ziwiri pa benchi panga. Tibwereranso pamenepo. Koma taonani kaye mmene asowera anthuwa, a mbali ino abwera, a tsidya la malire atsala. Simu siisankha anthu potengera dziko. Mayi ndifunse, nambala yomwe muli nayo pa watsapu pano ndi yomweyo munali nayo mufoni yakale?

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ayi. Kale ndinalembetsa ndi ya ku Malawi ya 099 chifukwa nthawi imeneyo ndinkakhala kufupi ndi malire ndipo rede yomwe inkagwira bwino pakhomo inali ya uko. Pano poti ndinasamukira ku vila ndati ndiike ya kuno ya 86 yomwe ndimalandirira ndalama, nde Chisomo anasintha tsiku lomwelo tinagula foni, macheza onse anabwera nawo

Zeka wa mafoni (Mowatize): Basi nkhani ndi imeneyo. Tsegulani `Contactos` musankhe kasitomala mmodzi wa ku Lizulu, mundiuze mmene nambala yake ikuyambira, manambala atatu oyamba okha musalembe yonse pagulu pano

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ikuyamba 099. Wina 088

Zeka wa mafoni (Mowatize): Ndimayembekeza zomwezo. Mvetserani mayi, ndifotokoza motalikirapo chifukwa ili ndi vuto la anthu ambiri a mmalire, Zobwe, Kalomwe, Biriwiri konseko, ndipo ambiri amaganiza kuti foni yafa.

Kwa watsapu munthu aliyense ndi nambala yathunthu yokhala ndi kodi ya dziko kutsogolo. Ife kuno ndi +258, Malawi ndi +265, Zambia ndi +260. Ikapeza mu buku lanu nambala yopanda kodi, imaganiza kuti munthuyo ndi wa dziko lomwe inuyo munalembetsera. Nde zaka zonsezi inu munali wa +265, ikaona 099 imadziwa kuti uyu ndi wa kwathu, imachotsa ziro nkuika 265 yokha, dzina nkubwera. Lachiwiri mwasanduka wa +258, ikaona 099 yomweyo ikuyesa kuiwerenga ngati ya ku Mozambiki, koma kuno manambala a mmanja amayamba ndi 82 mpaka 87 ndipo alibe ziro kutsogolo, nde ikupeza kuti munthu oteroyo kulibe. Macheza a kasitomalayo alipo pansi pa +265 99 chakuti, dzina lili mu buku pansi pa 099 chakuti, koma ziwirizi siikuzionanso ngati munthu mmodzi.

Tiyese ndi mmodzi kaye. Tsegulani dzina lake, dinani kapensulo kosinthira, chotsani ziro oyambayo, mmalo mwake mulembe +265. Chizindikiro cha + chimabwera mukagwira 0 osasiya. Izikhala chonchi

```
yakale:    099 xxx xxxx
yatsopano: +265 99 xxx xxxx
```

Musunge, mubwerere ku watsapu mudinenso `Atualizar`

Anabanda: Nanga ine amene ndimafuna nambala yanga isamaoneke ndikaimbira munthu ndimatani

Ankolo Layisoni (woyang'anira gulu): Anabanda imeneyo ndi nkhani ina, tidikire awa athandizidwe kaye mufunsa pambuyo

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndachita koma sizinasinthe, ikadali nambala. Ndipo ndikasaka dzina lake likubwera pansi penipeni pali mawu oti `Convidar`

Zeka wa mafoni (Mowatize): Werengani manambala omwe akubwera pambuyo pa 265 muone alipo angati. Ayenera kukhala 9

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Alipo 10. Aaa ziro uja ndinamusiya, ndalemba +265099. Ndachotsa tsopano. Eeee labwera dzina!! Mayi a ku Lizulu aja abwera ndi macheza athu onse a chaka chatha. Zeka iwe ukadzadutsa ku Ulongwe thumba la mbatatesi ndi lako

Zeka wa mafoni (Mowatize): Kkkk ndalemba mu kope mayi, ndidzabwera ndi shapa yapadera. Ziro ameneyo amagwetsa anthu ambiri, ndi wa mkati mwa Malawi mokha, ukaika kodi amachoka. Athu a kuno savuta chifukwa alibe ziro, umangoika +258 kutsogolo kwa 84 kapena 86 basi.

Chenjerani ndi a 088 aja. Ukachotsa ziro imayamba 88 ndipo onse pamodzi amatsala manambala 9, maonekedwe ake ngati ya kuno, nde munthu ukatopa dzanja limangolemba +258. Ine ndinakonzapo foni ya bambo ena a ku Kalomwe mwana wawo anaika +258 pa manambala onse mu buku osasankha, a ku Malawi omwe, tinakhala madzulo onse tikubweza mmodzimmodzi. 88 ndi 99 ndi za tsidya, zipatseni +265

Jowakimu wa ku Zobwe: Koma mukasintha choncho nde mukawoloka kupita ku Mwanza kapena ku Dedza mwaika simu ya uko, siikana kuimba? Ine ndichifukwa chake ndimasunga munthu kawiri, wina wa watsapu wina woimbira

Zeka wa mafoni (Mowatize): Siikana mano. Nambala ya + imaimbika mbali zonse ziwiri, ukakhala pa simu ya ku Malawi nkuimba +265 rede imadziwa kuti ndi ya konko. Yomwe imakana ndi ya 099 ukakhala pa simu ya kuno. Nde kusunga kawiriko mukungodzichulukitsira ntchito, ndipo tsiku lina mudzasintha imodzi nkuiwala inzake

Jowakimu wa ku Zobwe: Mmm ine ndiyesa ndekha loweruka ndikawoloka. Zinandikanapo ine kale

Felisita (Tete): Mwina inali kirediti yatha achimwene kkkkk

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Tsono Zeka anthu ake ndi oposa 100, ndizisintha mmodzimmodzi choncho? Palibe batani loti onse asinthike kamodzi? Maso angawa madzulo saona bwino

Zeka wa mafoni (Mowatize): Batani lotero mu foni mulibe mayi. Alipo maapu ena amalonjeza kuika kodi pa onse kamodzi koma ine sindingakuuzeni kuti muike, choyamba mukuwapatsa buku lanu lonse anthu osawadziwa, chachiwiri buku lanu ndi losakaniza, muli a kuno a ku Malawi mwinanso a ku Chipata, makina sangadziwe uyu ndi wa kuti.

Chophweka nchoti mu `Contactos` posaka paja mulembe 099, ikubweretserani onse oyamba choncho pamndandanda umodzi, muzitsika nawo. Mukamaliza mulembe 088. Yambani ndi omwe mukuchita nawo geni sabata ino, ena muzipanga khumi patsiku. Ndipo Chisomo poti ndi amene anayambitsa, mpatseni ntchitoyo akaweruka kusukulu. Ngati mainawo ali pa akaunti ya Google ndipo pali pomwe mungapeze kompyuta, pa `contacts.google.com` zimafulumira chifukwa kiyibodi ndi yayikulu, zomwe mwasintha uko zimatsikira zokha mufoni

Aphunzitsi Ngozo (Domwe): Poti akatswiri alipo ndiikepo langa, likufananako koma losiyana. Ine ndili ndi foni yachiwiri yomwe ndimasiya ku nyumba ya kumudzi, ndimaigwira pa tchuthi pokha. Ndinaisiya mu Janyuwale zonse zili bwino, nditabwerera patapita miyezi ingapo ndapeza maina onse achoka ngati mmene anenera mayiwa. Palibe mwana anaigwira, inali mu sutikesi yokhoma. Ndinavomeranso pa zilolezo paja nkubwerera, koma mpaka lero sindimvetsa anakana ndani

Zeka wa mafoni (Mowatize): Inakana yokha aphunzitsi. Kuyambira Android 11 ya mu 2020, apu ikakhala miyezi ingapo osatsegulidwa foni imailanda zilolezo, cholinga chake nchoti maapu oiwalika asamangowerenga zinthu zanu mwakachetechete. Pa tsamba lomwelo la zilolezo kumunsi kuli kabatani konena za apu yosagwiritsidwa ntchito, mawu ake amasiyana foni ndi foni, mukakazimitsa pa watsapu siidzalandidwanso

Aphunzitsi Ngozo (Domwe): Koma foniyo inali yozima nthawi yonseyo, yozima ingawerenge miyezi?

Zeka wa mafoni (Mowatize): Mwina inawerenga tsiku lomwe munaiyatsa, ikaona deti imaona kuti papita nthawi. Mukadzapitanso mukaone kabatani kaja ngati kali koyatsa mutiuze

Aphunzitsi Ngozo (Domwe): Ndikaona mu Disembala. Ngakhale ndikukaikira mdzukulu wanga wina amadziwa pomwe ndimabisa kiyi wa sutikesi

Felisita (Tete): Kwa a ma iPhone ngati alipo pano, chaka cha 2024 iOS 18 inabweretsa zoti utha kuipatsa apu maina ochepa omwe wasankha osati onse. Nde ukasankha zimenezo mosadziwa, anthu ena amaoneka ena ayi, ndipo aliyense watsopano yemwe wasunga sabwera. Abwana anga kuntchito zinawachitikira, tinapita pa zachinsinsi paja pa `Contactos` nkusintha kuti ione onse

Jowakimu wa ku Zobwe: iPhone ku Zobwe kuno tiitenga kuti ife kkkk

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndabweranso abale. Chisomo wakhala pansi kuyambira 4 koloko wakonza 61, onse abwera kupatula awiri. Koma pali gulu lina lachitatu landidabwitsa, anthu a kumudzi kwathu omwe ndinasunga kalekale, manambala awo ndi a kuno a 84 ndi 82 koma sakubwera. Ndipo maina awo ndi oduka, wina walembedwa Amalume a ku Fur basi

Jowakimu wa ku Zobwe: SIMU. Ndinanena ine!!

Zeka wa mafoni (Mowatize): Apa nde mwawina mano, landirani ulemu wanu. Dzina loduka ndi chizindikiro cha simu, chifukwa simu imasunga zilembo zochepa pa dzina ndi nambala imodzi yokha pa munthu, ndipo zambiri zimadzadza pa anthu 250 kapena kuchepera. Amalume a ku Furankungo anadulidwa pamenepo.

Mayi mankhwala ake nkuwasamutsa. Mu `Contactos` pitani pa zokonza kapena pa timadontho titatu, mupeze `Importar`, musankhe simu, ikafunsa kuti apite kuti musankhe akaunti yanu ya Google ija ili ndi imelo, musasankhe `Telefone` kapena `Dispositivo`. Chifukwa chake nchoti a pa foni amafera limodzi ndi foniyo ikagwa mmadzi kapena ikabedwa pa msika, a pa Google mukalowa imelo yomweyo mufoni ina amabwera okha. Kukopera sikufufuta a pa simu, amatsala momwemo, nde musaope. Mukatero mwina muona anthu ena kawirikawiri, musadabwe, ndi wa pa simu ndi wa pa Google, mutha kuuza foni kuti a pa simu isamaonetse

Anabanda: Ine imelo yanga anandipangira mnyamata wa pa msika pogula foni ndipo pasiwedi sindiidziwa, ndiye kuti maina anga ali kwa iyeyo?

Zeka wa mafoni (Mowatize): Ngati pasiwedi ali nayo ndi iyeyo, atafuna atha kuwaona inde, ndipo foni ikatayika inuyo simungawapezenso. Ili ndi vuto lalikulu kuposa lomwe tikukambali anabanda. Pitani `Definições` pa `Contas` muone imelo yomwe ilipo muilembe pa pepala, kenako mupeze munthu wa pabanja panu odziwa akuthandizeni kusintha pasiwedi foni ikadali mmanja mwanu, ndi pomwe zimaphweka. Ndipo anzanga okonza mafoni tisiye khalidwe lopangira anthu imelo osawalembera pasiwedi, ena mpaka amaika imelo imodzi mmafoni a makasitomala asanu, maina nkusakanikirana, mayi wa ku Tsangano nkupeza mufoni mwake muli manambala a anthu a ku Mutarara osawadziwa

Ankolo Layisoni (woyang'anira gulu): Zimenezo zinandichitikira ine ndendende, ndinapeza maina 80 achilendo ndinafufuta onse, mawa lake munthu wina kubwera kwa okonza uja akulira kuti maina ake asowa. Sitinadziwe kuti tili pa imelo imodzi

Zeka wa mafoni (Mowatize): Kkkk ankolo munamupha munthu. Zikatero pa Google pali bini yomwe imasunga ofufutidwa masiku 30, mukafulumira amabwezeka.

Pa `Contas` pomwepo pali chinanso choyenera kuona ngati wina wasunga nambala yatsopano koma siikubwera. Dinani akaunti ya Google, mulowe pa `Sincronizar`, muone ngati `Contactos` ndi yoyatsa ndi deti yomwe inalumikizana komaliza. Anthu ambiri amazimitsa kulumikizana konse pofuna kusunga mamega kapena batire nkuiwala, nde ukaona deti ya miyezi itatu yapitayo dziwa kuti onse omwe wasunga kuchokera pamenepo ali mufoni mokhamo. Maina okha sadya mamega oti nkudandaula nawo, zomwe zimadya ndi zithunzi ndi mavidiyo

Felisita (Tete): Zeka nanga zija zatsopano zosunga munthu mkati mwa watsapu momwemo? Ine zinandizunguza mosemphana ndi mayiwa, dzina lili pa watsapu koma ndikafuna kuimba wamba mu `Contactos` mulibe

Zeka wa mafoni (Mowatize): Eya zinabwera chakumapeto kwa 2024. Ukamasunga munthu uli mkati mwa watsapu pansi pamakhala kabatani kofunsa ngati apitenso ku buku la foni. Kakakhala kozima dzinalo limakhala la mu watsapu mokha, koimbira sakulidziwa. Tsegulani munthuyo musinthe muyatse kabataniko. Zili ndi ubwino wake kwa omwe amabwerekana foni ndi a mnyumba, koma kwa mayi ngati awa omwe amaimbanso wamba kuli bwino kazikhala koyatsa

Jowakimu wa ku Zobwe: Ine ndimagwiritsa watsapu ziwiri mufoni imodzi, ya 84 ndi ya ku Malawi, ija yachiwiri yokhala ndi kachizindikiro pakona. Yoyamba maina alimo yachiwiri mulibe, ndinangozolowera

Zeka wa mafoni (Mowatize): Yachiwiriyo foni imaiona ngati apu ina payokha nde chilolezo chakenso nchapayokha, mukapereke. Mafoni ena amafunsanso ngati yachiwiriyo igwiritse buku lomwelo kapena lake lapadera, mukasankha lapadera imayamba yopanda munthu. Ndipo inuyo nde ofunika + kuposa aliyense pano, chifukwa nambala yopanda kodi imodzi iziiwerenga ngati ya kuno inayo ngati ya ku Malawi

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndasamutsa a pa simu, anali 94, amalume abwera ndawalemberanso dzina lonse. Pano pamwamba pakuonetsa 271. Koma pali china ndazindikira, lachitatu ndinatumiza mitengo yatsopano pa mndandanda uja ndimatumizira makasitomala onse kamodzi, oyankha anali atatu okha pomwe kale amayankha ambiri. Ndimaganiza kuti akwiya ndi mtengo

Zeka wa mafoni (Mowatize): Sanakwiye mayi, ambiri sanaulandire nkomwe. Uthenga wa pa mndandanda umafika kwa okhawo omwe anasunga nambala YANU mufoni mwawo. Iwo ali ndi ya 099 yakale ija, ya 86 sakuidziwa. Sitetasi nayonso chimodzimodzi, kuti munthu aione pamafunika nonse awiri musungane. Apa palibe chomwe mungadine mufoni mwanu, muyenera kuwalembera mmodzimmodzi kuti ndine uje sungani nambala iyi, ndipo a ku Malawiwo muwauze asunge ndi +258 kutsogolo, apo ayi vuto lomwe munali nalo inu likhala kwa iwo

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Mayo ine, ndiye ntchito ikadalipo. Chabwino mawa ndiyamba ndi a ku Lizulu. Nanga awiri aja akukanabe? Mmodzi ndi bambo wa lole wa ku Lilongwe, nambala ndaiwerenga katatu ili bwino, +265 ndi manambala 9, koma pakadali `Convidar`

Zeka wa mafoni (Mowatize): Yesani izi, tsegulani posakira pa intaneti mulembe `wa.me/265` nkupitiriza ndi manambala 9 aja, osaika + osaika ziro osasiya mpata. Njira imeneyi siidutsa mu buku lanu, imafunsa watsapu mwachindunji. Ikatsegula macheza ndiye kuti vuto lili pa kasungidwe, ikanena kuti nambalayo siili pa watsapu ndiye kuti bamboyo watsapu yake ili pa nambala ina

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Yanena kuti palibe. Koma ine ndinkacheza naye pa watsapu bambo ameneyu mwezi wathawu, ananditumizira mpaka chithunzi cha lole itafa pa Dedza

Felisita (Tete): Madalaivala amakhala ndi masimu atatuatatu mayi, mwina yomwe munasunga ndi yoimbira, ya watsapu ndi ina. Sakani mmacheza mawu omwe munalemberana, monga lole kapena Dedza, mupeza nambala yomwe ankalembera

Aphunzitsi Ngozo (Domwe): Kapena naye anasintha nambala ngati mmene mwachitira inu

Mayi a Chisomo (Ulongwe): Ndasaka lole zabwera meseji 200, aliyense ndimakamba naye za lole ine kkkk. Batire yatsala 6 ndipo magetsi kuno azima, ndingomuimbira mawa mmawa ndimufunse yekha. Zeka thumba lija ukufuna ya khungu lofiira kapena yoyera

Zeka wa mafoni (Mowatize): Yofiira mayi, ya chipisi